Positala ya Kuchipatala Yosaulula Wodwala: Mmene Mungalangizire Makina Opanga Zithunzi

Mayi amene wabwera kusikelo amatha ola lathunthu, mwina kuposerapo, ali pa benchi maso ali kukhoma. Chilichonse chimene chakhomedwapo amachiyang'ana kangapo, afune asafune. Ngati pakhomapo pali chithunzi cha jakisoni wamkulu, magazi kapena mwana akulira, mtima umayamba kugunda asanaitanidwe n'komwe. Ngati pali nkhope ya munthu wa m'mudzi mwawo pansi pa uthenga wa matenda, amayamba kudzifunsa ngati tsiku lina sidzakhala nkhope yake.

Kale, wofuna positala ankasaka wojambula pamanja kapena wa kamera. Masiku ano namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena kalaliki amene ali ndi foni ndi bandulo akhoza kulemba mawu ochepa mu pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, monga Midjourney, Stable Diffusion kapena Adobe Firefly, chithunzi n'kutuluka miniti isanathe. Mawu amene munthu amalembawo ndi malangizo kwa makinawo, ndipo ozolowera ntchitoyi amawatcha pulomputi. Ambiri amalemba kuti akufuna chithunzi chodekha, chaukhondo, chopanda odwala, kenako amadabwa kuona chatuluka china. Makinawa sajambula kudekha, sajambula ukhondo, ndipo mawu akuti "ayi" sawamva bwino. Amajambula zinthu zimene zatchulidwa. Choncho ntchito yonse yagona pa kusankha zimene diso liziona, kuzitchula chimodzichimodzi, n'kudzayang'ana zotulukazo mosathamanga.

Titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Chipatala chaching'ono chakumudzi chikufuna positala ya pamalo odikirira, yolimbikitsa amayi kuyamba sikelo msanga. Kuyambira 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kosachepera kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira. Uthenga wa pa positalayo ndi waufupi: "Yambani sikelo mimba isanakwane miyezi itatu."

Chifukwa chake nkhope isaoneke

M'tauni yaikulu nkhope ya pa positala ikhoza kukhala ya mlendo. Pa chipatala chakumudzi palibe mlendo. Anthu amadziwana kuchigayo, kumpingo, kumjigo ndi kumaliro. Ndipo pa nkhani ya mimba, amayi ambiri safuna kuti anthu adziwe miyezi yoyambirira, chimene ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ena amachedwera kuyamba sikelo. Positala yoonetsa nkhope yodziwika imatsimikizira mantha awo, akuti kupita kuchipatala n'kudziulula.

Malamulo nawo salola kuchita mwachisawawa. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la 2018 lokhudza kupewa ndi kusamalira HIV ndi Edzi limaletsa kuulula za mthupi mwa munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu limaika za umoyo wa munthu m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Ngakhale munthu atavomera kujambulidwa, positala imakhala pakhoma zaka. Wovomera lero akhoza kusintha maganizo atakwatiwa, atasamuka kapena ana ake atakula, koma pepala limakhala litafalikira kale.

Wina angati nkhope yopangidwa ndi makina si ya munthu weniweni, ndiye vuto palibe. Pali zifukwa ziwiri zokanira maganizo amenewa. Choyamba, nkhope yooneka ngati yojambulidwa ndi kamera imafanana ndi winawake basi, ndipo anthu akangoti "ameneyu si mwana wa a uje?" mphekesera yayamba, ngakhale munthuyo sanapondeko pachipatalapo. Chachiwiri, makinawa anaphunzitsidwa ndi zithunzi zenizeni zotoledwa pa intaneti. Mu 2022 mayi wina wa ku California, m'dziko la America, anapeza zithunzi zimene anamujambula dokotala wake zili mu nkhokwe ya LAION-5B, ya zithunzi zoposa 5 biliyoni, imene mbali yake inagwiritsidwa ntchito pophunzitsa Stable Diffusion. Mu 2023 akatswiri ena anaonetsa kuti makina amtunduwu nthawi zina amatulutsa chithunzi chongofanana ndendende ndi chimene anaphunzirapo. Sizichitika kawirikawiri, koma pa positala ya kuchipatala palibe chifukwa choyesera mwayi.

Apa pali lamulo limene silifuna kukambirana. Musalowetse chithunzi cha wodwala, cha mzere wa anthu pa benchi, kapena cha buku la kuchipatala la munthu mu pulogalamu yotere kuti ikhale ndi choonera. Chithunzicho chimachoka mu foni yanu n'kupita ku makompyuta a kampani ina kunja kwa dziko, ndipo simungachiitanitsenso.

Malangizo oyamba ndi pamene amagwera

Mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi kusiyana ndi Chichewa, popeza mawu ambiri amene anaphunzirapo ndi a Chingerezi. N'chifukwa chake malangizo a m'nkhani ino alembedwa m'chinenero chimenecho monga mmene mungawatayipire. Munthu woyamba kumene amalemba motere:

```
calm clean poster for an antenatal clinic in Africa, no patients
```

Kawirikawiri chotuluka chimakhala mayi womwetulira woyang'ana kutsogolo, nkhope ili mbee, mimba yaikulu, ali m'chipinda chonyezimira chokhala ndi makina amene chipatala chathu sichinawaonepo. Pakhoma pamakhala mtanda wofiira, pamwamba pali zilembo zosawerengeka. Nthawi zina kunja kwa zenera kumaoneka dzuwa likulowa kuseri kwa mtengo wa m'tchire.

Zonsezi zili ndi chifukwa. Makinawa anaphunzira polumikiza mawu ndi zithunzi zimene zinkapezeka limodzi nawo. Liwu lililonse limakoka zithunzi zake. Liwu loti odwala likangolembedwa, limakoka anthu, ngakhale patsogolo pake pali "ayi". Mapulogalamu atsopano ayamba kumvako kukana, koma si odalirika. Liwu loti positala limakoka zilembo. Liwu loti chipatala limakoka mtanda wofiira. Ndipo dzina la Africa limakoka zimene ojambula akunja akhala akujambula kwa zaka zambiri: umphawi, fumbi ndi nyama zakutchire.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2023, pamene Arsenii Alenichev ndi anzake awiri anasindikiza kafukufuku mu magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health. Anapempha Midjourney kuti ijambule madokotala akuda a ku Africa akuthandiza ana achizungu odwala. Pa zithunzi zoposa 300, makinawo ankangobwerera ku zimene anazolowera, ana odwala n'kukhala akuda, ndipo m'zithunzi zina anaikamo akadyansonga ndi njovu pafupi ndi madokotalawo. Phunziro kwa ife n'lakuti mpata uliwonse umene wasiyidwa m'malangizo, makinawo amaudzaza ndi chizolowezi chawo.

Zili ngati kupita kwa telala n'kungomuuza kuti asoke chovala chokongola. Asoka ndithu, koma chokongola cha m'mutu mwake. Wofuna chomuyenera amatchula nsalu, muyezo, kutalika kwa manja ndi khosi.

Kudekha ndi ukhondo zikhale zinthu zooneka

Musanalembe chilichonse, dzifunseni kuti chimene chimachititsa chithunzi kuoneka chodekha n'chiyani. Yankho lake ndi zinthu zinayi zimene zingathe kutchulidwa.

Choyamba ndi kuchuluka kwa zinthu. Diso limatopa likamadumphadumpha. Chithunzi chokhala ndi munthu mmodzi, chitseko ndi benchi chimapumitsa maso kusiyana ndi chodzaza mabotolo, mabedi ndi zipangizo. Tchulani zinthu zitatu kapena zinayi basi, ndipo chilichonse chikhale ndi ntchito pa uthenga wanu.

Chachiwiri ndi kuwala. Kuwala kofewa kwa m'mawa, kochokera mbali imodzi, kumapereka mithunzi yopepuka. Mukapanda kutchula kuwala, makina ambiri amasankha kuwala kwa m'mafilimu, kwa mdima waukulu mbali ina ndi kuthwanima mbali ina, komwe kumachititsa chipinda kuoneka ngati muchitika zoopsa.

Chachitatu ndi mitundu. Itchuleni ndi maina, ndipo isapose itatu. Mtundu wobiriwira motuwirako kapena wapakati pa buluu ndi wobiriwira, woyera wopita ku kirimu, ndi wa khofi umene ugwirenso ntchito ya khungu ndi matabwa, imakhalirana bwino. Kufiira kowala kumakumbutsa magazi ndi ngozi, choncho kusungeni kuti kudzagwire ntchito pa machenjezo. Kuyera kokhakokha nakonso sikuthandiza: kumazizira, ndipo pepala loyera limaonetsa fumbi ndi zala msanga.

Chachinayi ndi malo opanda kanthu. Khoma losalembedwa, pansi pa simenti posesedwa, benchi lopanda katundu: izi ndi zimene zimauza munthu kuti pamalopo ndi paukhondo. Ukhondo suoneka m'matailosi onyezimira kapena m'makina odula. Mukaonetsa chipatala chapamwamba chimene anthu sadzachipeza akalowa m'chipinda chotsatira, positala imakhala yanama, ndipo owerenga amaona kuti uthengawo ndi wa anthu ena.

Pamwamba pa zinayi zimenezi pali kusankha kalembedwe ka chithunzi. Pemphani chojambula chosalala, cha mitundu yodzaza mofanana monga zojambula za m'mabuku a kusukulu, osati chooneka ngati cha kamera. Kusankha kumeneku kokha kumachotsa theka la vuto la chinsinsi, chifukwa palibe amene angati munthu wojambulidwa ndi mizere yochepa ndi mnansi wake.

Munthu akhalepo, koma asadziwike

Pali njira zitatu zopewera nkhope. Yoyamba ndi kusaika munthu konse, n'kusiya zinthu zilankhule. Pa positala ya kusamba m'manja, ndowa ya mpopi, sopo ndi beseni n'zokwanira. Yachiwiri ndi kuonetsa manja okha, koma manja ndi pamene makinawa amalakwitsa kwambiri, moti zala zimatha kukhala zisanu ndi chimodzi kapena kulumikizana. Yachitatu ndi kuonetsa munthu yense atatembenukira kwina.

Pa uthenga wa sikelo, njira yoyamba siigwira mtima, chifukwa benchi lopanda munthu silinena kanthu za mimba. Ena amadula mutu wa munthu ndi malire a chithunzi n'kusiya mimba yokha, koma zotere zimasandutsa mayi kukhala chiwalo. Ena amasiya nkhope yosalala yopanda maso ndi pakamwa. Zimenezi ojambula a m'tauni amazikonda, koma kwa anthu ena nkhope yotere imaopsa, imaoneka ngati ya mzukwa. Njira yabwino pano ndi kuonetsa mayi chakumbuyo mopendekera pang'ono, akuyenda kulowera pakhomo la chipatala, kuti mbali ya thupi lake ioneke koma nkhope ikhale italoza kutsogolo kwake.

Pali chinthu china chosavuta kuphonya. Makina akamva za mayi woyembekezera amajambula mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Koma uthenga wathu ukunena za mimba yosakwana miyezi itatu, imene nthawi zambiri siioneka n'komwe. Chithunzi cha mimba yaikulu chimatsutsa mawu a pa positalayo, chifukwa amene sadziwa kuwerenga amangoona kuti kusikelo amapita mimba ikakula. Choncho malangizo atchule mimba yaing'ono, ndipo dzanja limodzi likhale pamimba kuti tanthauzo lisasowe.

Malangizo athunthu akhoza kukhala otere:

```
Flat illustration, portrait format, solid colours, no gradients.
One woman with dark brown skin, three-quarter view from behind,
face turned away, walking upright towards an open doorway.
Early pregnancy, very small bump, left hand resting on her belly.
Plain teal wrap skirt, cream blouse, plain teal headscarf, sandals.
Small closed booklet with a blank cover in her right hand.
Bare cream wall, swept cement floor, one empty wooden bench.
Soft morning light from the left. Teal, cream and brown only.
Top third of the image is empty wall.
```

Mzere woyamba ukusankha kalembedwe ndi kuimirira kwa pepala. Wachiwiri ndi wachitatu akunena kuti munthu ndi mmodzi, khungu lake ndi lakuda, ndipo tikumuona chakumbuyo akuyenda mowongoka. Kuwongokako n'kofunika: munthu wowerama kapena wogwira mutu amaoneka wodwala ndi wovutika, pamene mayi wopita kusikelo msanga ndi munthu wamphamvu amene wasankha bwino. Khungu latchulidwa chifukwa mukapanda kutero makina ambiri amajambula mzungu.

Mzere wa zovala ukupempha chitenje ndi mpango zopanda maluwa. Chifukwa chake n'chakuti kwathu kuno chitenje chimalankhula. Pali cha chipani, cha mpingo, cha mvano, cha bungwe. Makina akasiyidwa kuti asankhe okha maluwa, akhoza kutulutsa mitundu yofanana ndi ya gulu linalake, anthu n'kuyamba kukambirana za ndale m'malo mwa sikelo. Kabuku kali m'manja kakuimira buku la kuchipatala, ndipo chikuto chake n'chosalembedwa kuti pasatuluke dzina kapena nambala yongopeka. Onaninso mawu amene mulibe m'malangizowa. Mulibe liwu loti chipatala, loti positala, loti odwala, ngakhale dzina la Africa. Malo akudziwika ndi simenti, benchi ndi chitenje, ndipo mawu amene amakoka mtanda, zilembo ndi nyama sanapatsidwe mpata.

Mapulogalamu ena ali ndi malo apadera olembamo zosafunika. Mu Stable Diffusion ndi bokosi lolembedwa kuti `Negative prompt`, ndipo mu Midjourney mumawonjezera kumapeto kwa malangizo motere:

```
--ar 5:7 --no face, text, logo, cross, syringe
```

Mbali yoyamba ikupempha chithunzi chimene m'lifupi ndi m'litali mwake zikuyandikira kwambiri muyezo wa pepala la A3 kapena A4. Yachiwiri ikukana nkhope, zilembo, zizindikiro za makampani, mtanda ndi jakisoni. Kukana kolembedwa m'malo ake otere kumagwira ntchito bwino kuposa "ayi" woponyedwa pakati pa chiganizo. Komabe ndi mpanda wachiwiri chabe. Woyamba ndi kufotokoza bwino zimene mukufuna.

Kuyang'ana zotuluka

Musatenge chithunzi choyamba. Tulutsani zingapo ndi malangizo omwewo, n'kuzikulitsa pa sikirini chimodzichimodzi. Yambani ndi mutu. Nthawi zambiri makina amapotoza khosi kuti tsaya, diso ndi mphuno zioneke, chifukwa anazolowera kuti chithunzi cha munthu chimakhala ndi nkhope. Zikatero, sinthani mawu a kaimidwe kuti anene zimene zikuoneka m'malo mwa zimene zabisika, mwachitsanzo `we see the back of her headscarf`, kutanthauza kuti tikuona kumbuyo kwa mpango wake. Yang'ananinso pakhomo ndi pawindo, popeza makina amakonda kuikamo namwino kapena munthu wina amene simunamupemphe, nkhope ili poyera.

Kenako werengani zala, ndipo onani ngati mapazi akuloza kumene munthu akupita. Ngati dzanja la pamimba likulakwikabe, pemphani kuti munthuyo akhale patali pang'ono kuti zala zisafune kujambulidwa chimodzichimodzi. Onani kukula kwa mimba. Ikatuluka yaikulu, chotsani liwu la kuyembekezera n'kusiya dzanja lokha pamimba, chifukwa liwulo ndi limene likukoka mimba ya miyezi yomaliza.

Mtanda wofiira ukaoneka paliponse, ngakhale waung'ono pachitseko, chithunzicho musachigwiritse ntchito mpaka utachotsedwa. Anthu ambiri amayesa kuti mtanda wofiira pa nsalu yoyera ndi chizindikiro cha chipatala chilichonse. Si choncho. Ndi chizindikiro chotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a 1949, ndipo ololedwa kuchigwiritsa ntchito ndi ochepa, monga achipatala a asilikali ndi mabungwe a Red Cross. Chimateteza opereka chithandizo pa nthawi ya nkhondo, ndipo kuchimwaza pa zinthu wamba kumachepetsa mphamvu yake.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha kuwala, zovala ndi kaimidwe nthawi imodzi, chithunzi chikakhala bwino simudziwa chimene chathandiza, chikaipa simudziwa chimene chaononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati chithunzi chili bwino kupatula pamalo amodzi, mapulogalamu ambiri amalola kuzunguliza pamalopo n'kukonza pokhapo, zina zonse osazikhudza.

Mawu ndi kusindikiza

Mzere womaliza wa malangizo aja unapempha kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi, la kumwamba, likhale khoma lopanda kanthu. Amenewo ndi malo a uthenga. Musapemphe makina kuti alembe okha mawu a Chichewa. Amadumpha zilembo, amabwereza zina, amasokoneza timizere ta m'mawu ngati "m'mawa" ndi "ng'ono", ndipo cholakwika chikalowa m'chithunzi sichifufutika mosavuta. Tengani chithunzicho, mukachiike mu Word, PowerPoint kapena Canva, n'kulemba nokha uthengawo ndi zilembo zazikulu zosapiringizika, za mtundu woderapo pa khoma lowala lija. Mutu ukhale chiganizo chimodzi. Pansi pake pakhoza kubwera masiku ndi nthawi ya sikelo pa chipatalapo. Zoposa pamenepo ndi za m'kapepala kogawa m'manja.

Pa kusindikiza m'pamene ambiri amakhumudwa. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo mapulogalamu ambiri amatulutsa chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 1024 m'lifupi. Pa foni chimaoneka chakuthwa, koma pa muyezo umene osindikiza amakonda, wa timadontho 300 pa inchi, chithunzi chotere sichifika ngakhale masentimita 9. Pepala la A3 ndi la mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, ndipo pa muyezo umenewo limafuna mapikiselo 3508 ndi 4961. Positala yoonera patali imakwanira ndi theka lake, 1754 ndi 2480. Choncho chithunzi chikulitsidwe ndi batani lokulitsira, limene nthawi zambiri limalembedwa kuti `Upscale`, osati kungochikoka m'makona. Apa chojambula chosalala chimapambananso, chifukwa mitundu yodzaza mofanana imakula popanda kuoneka ngati yanyowa. Mukakulitsa yang'ananinso mutu ndi manja, popeza kukulitsako nthawi zina kumawonjezera tinthu timene panalibe.

Potumiza kwa wosindikiza, musatumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imachichepetsa. Chisungeni ngati PDF, muchitumize ngati chikalata kapena muchinyamule pa fulashi. Mitundu ya pa sikirini imawala kuposa ya inki, ndipo wobiriwira wopita ku buluu umakonda kuzimirira papepala, choncho sindikizani kope limodzi la A4 kaye muone musanalipire zambiri.

Musanakhome

Amene wapanga positala sangakhale woiyesa, chifukwa akudziwa kale zimene akufuna kunena. Tengani kope loyeserera lija, phimbani mawu ndi pepala, muonetse anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'dera lomwelo, kuphatikizapo amene sadziwa kuwerenga, aliyense payekha. Musawafunse ngati chithunzicho n'chokongola, chifukwa mwaulemu wathu aliyense avomera. Afunseni kuti: "Mayi, mukuona chiyani apa? Munthuyu akupita kuti? Akuoneka kuti ali bwanji mumtima? Kodi akufanana ndi wina amene mukumudziwa?"

Mayankho amakuuzani chokonza. Akati munthuyo akudwala m'mimba, ndiye kuti dzanja ndi kaimidwe zikupereka uthenga wolakwika, ndipo mwina afunika kuwongoka kwambiri kapena dzanja litsike pang'ono. Akati akuchoka pachipatala atakhumudwa, chitseko chioneke bwino kuti n'chotsegula ndipo kuwala kuchokere mkati mwake. Wina akatchula dzina la munthu, kaya chifukwa cha kamangidwe ka mpango kapena thupi, sinthani ndithu ngakhale watchulayo ndi mmodzi yekha. Mukatero chotsani chophimba chija, muimike pepalalo pakhoma, mukakhale pa benchi lakutali kwambiri muone ngati mutu ukuwerengeka.

Chomaliza ndi chilolezo. Makina sadziwa ndondomeko za zaumoyo, ndipo chithunzi chokongola sichitsimikizira kuti uthenga ndi wolondola. Mzamba kapena woyang'anira chipatala awerenge mawuwo, ndipo ngati positalayo ipita ku zipatala zina, idutse ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kwa amene amaona za mauthenga a zaumoyo. Zizindikiro za boma kapena za mabungwe ziikidwe ndi eni ake kapena ndi chilolezo chawo, osati zojambulidwa ndi makina. Onaninso malamulo a pulogalamu imene mwagwiritsa ntchito, chifukwa amasiyana pa nkhani ya zimene mungachite ndi zithunzi zake.

Malangizo amene agwira ntchito asungeni m'kope la pachipatala pamodzi ndi dzina la pulogalamu ndi tsiku. Mawa mukafuna positala ya sikelo ya ana kapena ya kulera, mizere ya kalembedwe, kuwala, mitundu ndi khoma lopanda kanthu idzakhala yomweyo. Mudzangosintha mizere ya munthu ndi chimene wanyamula, n'kubwerezanso kuyang'ana nkhope, manja ndi mtanda, komanso kufunsa anthu a m'deralo zimene akuona.